Khadi la Kanema Abasi

Chaka cha 1991 m'dziko muno munalibe nyumba youlutsira zithunzi, koma a Abasi a pa boma la Nkhotakota anali ndi kanema. Anawatumizira mwana wawo wachisamba, Ibrahimu, kuchokera ku Joni, pamodzi ndi deki ya vidiyo, matepi asanu ndi imodzi, ndi kachipangizo kakuda kamene a Abasi ankakakonda kuposa zonsezo: rimoti.

Kanemayo anali ndi khalidwe lake. Ukamuzimitsa ankaiwala zonse. Ukamuyatsanso ankayamba kufunafuna nyumba youlutsira imene kunalibe, galasi lonse n'kudzaza timadontho touluka, timene anthu a m'dera lino sanachedwe kutitcha nkhungu, dzina la tizilombo touluka ta pa nyanja. Kuti nkhunguzo zichoke, chithunzi cha deki chibwere, pankafunika kudina batani limodzi lolembedwa AV, ndipo amene anapanga kanemayo, pa zifukwa zodziwa okha, batanilo analiika pa rimoti pokha. Ndiye tsiku lililonse, likatha pemphero la chakumadzulo la Alasiri, anansi ankadzaza pa mikeka m'balaza, a Abasi n'kukhala pa mpando wawo wa ndalema kukhoma la kumbuyo, kukweza dzanja, kudina. Nkhungu zinkabalalika. Pa mpandopo sankadzukapo. Ankati munthu wodzuka kupita pa kanema ndi munthu wopanda rimoti.

Lamulungu lina, filimu ya karate ili pakati, analowa a Sailesi, tcheyamani wa nthambi ya Chipani, ndi kachikwama kawo ka makhadi. Aliyense m'balazamo anali nalo kale khadi, mpaka khanda limene linkayamwa pakona. A Sailesi anayang'ana uku ndi uku ngati msodzi amene wavuula khoka lopanda kanthu, kenaka maso awo anaima pa kanema.

"Nanga awa?"

"Ati?" anafunsa a Abasi.

"Awa akulankhulawa. Ine ndikaitana msonkhano amabwera anthu khumi. Awa tsiku ndi tsiku amasonkhanitsa makumi anayi. Ali ndi khadi?"

Anthu anaseka, a Sailesi nawonso anaseka, koma chikwama sanatseke. A Abasi anagula khadi. A Sailesi analembapo dzina ndi dzanja lawo, Kanema Abasi, n'kulimata ndi seloteipi kutsogolo kwa kanemayo, pansi, pakona ya kumanja, poti pamenepo silinkatchinga chithunzi. Filimu inapitirira mpaka kumapeto, munthu wina n'kuzimitsa pa swichi.

M'mawa mwake Asiyatu anagwetsa rimoti.

Asiyatu anali mkazi wa Bakari, mwana wachiwiri wa a Abasi. Anamutenga chitengwa kuchokera ku Liwaladzi miyezi inayi yapitayo, ndipo popeza Bakari ankagwira ntchito ku minda ya nzimbe ku Dwangwa, kubwera kumapeto kwa mwezi kokha, Asiyatu ankakhala nthawi yambiri ndi apongozi ake aakazi, mayi Habiba, kuposa ndi mwamuna wake. M'mawawo ankapukuta fumbi ndi kansalu konyowa. Rimoti inaterereka, n'kugwera pa mkeka, osati ngakhale pa simenti. Koma mayi Habiba anali pakhomo, ndipo anaona.

Masana a Abasi anakweza dzanja, kudina. Nkhungu. Anadinanso. Anaigwedeza, kuimenya pa bondo, mpaka anachita chimene sanachitepo: anadzuka, kupita pa kanema penipeni, kudina. Nkhungu.

"Afunseni apongozi anu," anatero mayi Habiba. "Aisambitsa m'mawa uno, kenaka n'kuiphunzitsa kuuluka."

A Abasi anayesa nzeru zonse zimene amuna a msinkhu wawo ankadziwa za mabatire. Anawaluma ndi mano. Anawayanika padenga la malata kuti adye dzuwa. Anawasinthanitsa malo, la kumanja kumanzere. Kugula atsopano sanagule, poti anati akalewo anachokera ku Joni ndipo a ku Joni satha msanga. Lachitatu anakabwereka rimoti kwa mkulu wina wa ofesi ya za nsomba, amene naye anali ndi kanema. Anadina mabatani ake onse. Nkhungu sizinasunthe.

"Basi," anatero a Abasi. "Si rimoti yokha. Madzi aja alowa mpaka mu kanema."

Mmene madzi opukutira rimoti akanayendera mpaka kulowa mu kanema palibe anafunsa.

Zikanathera pa kudandaula chabe pakanapanda tepi yatsopano. Inafika Lachitatu lomwelo ndi dalaivala wa lole, pamwamba atalemba ndi dzanja la Ibrahimu: Mdzukulu wanu. Mayi Habiba anali asanamuonepo mwanayo ngakhale pa chithunzi. Anaigwira tepiyo, kuitembenuza, kuiyang'ana pa dzuwa ngati angaone kankhope m'kati. Kenaka anaiika pamwamba pa kabati, n'kuyamba kuwerengera mpongozi wawo milandu: kapu yosweka ya mwezi wa Malichi, mpunga wopserera, chitseko cha khola la abakha chosiyidwa chotsegula. Madzulo ake anatumiza mawu ku Liwaladzi kuti ankhoswe a Asiyatu, amalume ake a Fakiri, abwere Loweruka.

"Akakupumitseni kwanu pang'ono," anatero mayi Habiba mwaulemu wonse. "Manja anu atopa."

Asiyatu ankadziwa kuti akazi opita kukapuma pang'ono ambiri amakalambira komweko. Ankadziwanso chinthu china chimene chinkamusowetsa mtendere kuposa mantha: nkhaniyi sinkagwirizana. Anasiyira sukulu Fomu 2, koma ankakumbukira kuti samu ikapanda kutuluka, ndiye kuti pali nambala ina imene sunaione. Chinthu chogwera pa mkeka kuchokera m'chiuno sichifa. Ndipo ngati chafa ndi rimoti, n'chifukwa chiyani ya eni ake inakanikanso?

Lachinayi anatumidwa kumsika kukagula tomato ndi therere. A Abasi anali ataiponya rimoti m'kabati ngati mtembo wosowa abale, ndiye Asiyatu anaikulunga m'mphepete mwa chitenje n'kupita nayo kwa a Lazaro, amene ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina kuseri kwa msika.

"A Lazaro, ndabwera ndi wodwala."

A Lazaro anatsitsa magalasi pamphuno. "Uyu ndamumva mbiri yake. Akuti munamubatiza."

"Ife sitibatiza."

"N'chifukwa chake sizinayende bwino. Mukanabwera naye kwathu ku Angilikani." Anatsegula kumbuyo, kutulutsa mabatire, kuwayang'ana mano amene anali pamenepo. "Awa adyedwa ndi fisi?"

"Ndi abambo."

"Pepani, sindinanene kanthu."

Anawabwezeramo, n'kukoka wailesi ina pa tebulo. Anaiika pa bandi ya mediyamu wevu, kupotokola mpaka pamalo popanda siteshoni, pongomveka phokoso la mphepo. Kenaka anagunditsa mutu wa rimoti pa wailesiyo, kudina batani. M'kati mwa phokosolo munamveka kamawu kofooka: trr, trr, trr.

"Mwamva? Akupuma."

Anachotsa mabatire olumidwa aja, kuika awiri atsopano, kudinanso. Wailesi inalira ngati nkhululu: TRRR, TRRR. Anadina mabatani onse limodzilimodzi, la AV lomwe, ndipo lililonse linayankha.

"Maso athu saona kuwala kumene kamatulutsa kababu ka kumutuku," anatero a Lazaro, "koma wailesi imamva magetsi ake akamagunda m'katimo. Rimoti yanu ndi yamoyo, mayi. Mabatire akalewa ngotopa, sangaponye kuwala kupitirira phazi limodzi kapena awiri, koma mwini wakeyu alibe matenda."

"Nanga ya a za nsomba ija inakanikiranji?"

"Kanema wawo ndi wa kampani ina. Kampani iliyonse ili ndi kaphethiridwe kake. Mtonga wa ku Dwambazi akakuwa Chitonga, inu a ku Liwaladzi mwina mungatolepo awiri atatu, koma makinawa satola ngakhale limodzi. Ku Lilongwe ndinaona rimoti ina imene umaiuza nambala ya kanema wako, n'kuyamba kulankhula chinenero chake. Ya a za nsomba si yotero. Imeneyo ikanakanika ngakhale kanema wanu akanakhala wochokera m'bokosi dzulo."

Asiyatu anapumira m'mwamba. Nambala imodzi inali itachoka pa samu.

"Ndiye vuto lili pati?"

"Wolankhula ali bwino. Kwatsala womvera ndi njira ya pakati. Kanema ali ndi diso lake lolandirira kuwalako. Ngati disolo lafa, kapena waya wake wamasuka m'kati, ndiye mpaka nditsegule kumbuyo, ndipo ngati n'lofunika latsopano, kuno kulibe, mpaka Lilongwe."

"Loweruka lisanafike?"

"Loweruka la mwezi wamawa, mwina. Koma musanandiitanire maliro, kaoneni ngati disolo likuona. Kuwala kumeneku n'kwaulesi, sikuboola kanthu. Kansalu koluka, vazi ya maluwa, phala la mwana, basi kaima. Ngakhale dzuwa likamawomba pamenepo disolo limachita chidima. Fufuzani kawindo kakang'ono kutsogolo, kukula ngati chikhadabo, kakuda mofiirira ngati tiyi wopanda mkaka."

"Ndimapukuta kanemayo tsiku lililonse. Kawindo koteroko..." Anaima. Ankakakumbukira. Koma sankakumbukira kuti anakaona liti komaliza.

Anagula mabatire awiri aja ndi ndalama yake ya mafuta odzola, napempha kuti olumidwa aja abwezeredwe mu rimoti monga anali. Atsopanowo anawamanga pa mfundo ya chitenje.

Atafika kunyumba anagwada patsogolo pa kanema ndi kansalu kouma. Anayamba kumanzere: swichi, timabatani tiwiri ta mawu, dzina la kampani, mpata wosalala. Kenaka khadi. Kawindo panalibe paliponse, ndipo pa nkhope yonse ya kanemayo malo amene sankawaona anali amodzi okha.

Sanalikhudze. Pa khadipo panali chithunzi chimene munthu sankachikhudza mwachisawawa masiku amenewo, ndipo a Abasi anali atalamula kale kuti popukuta, kansalu kazizungulira patali.

Lachisanu masana amuna onse anapita ku mzikiti ku Juma. Mayi Habiba anali pakhonde la kuseri, akupeta mpunga. Asiyatu anagwada pambali pawo.

"Amayi, ndikupempha mubwere muone chinthu."

"Mwaswa chiyani?"

"Sindinaswe. Koma titseke chitseko."

Mawu oti titseke chitseko palibe mayi wa m'tauni muno amene angawakane. Analowa. Asiyatu anayatsa kanema ndi deki, kuika mabatire atsopano mu rimoti, n'kuipereka kwa apongozi ake ndi manja awiri.

"Mukhale pa mpando wa abambo. Mudine ili."

"Pa mpando wa bambo ako? Astaghafirullah." Koma anakhalapo, ndipo zinaoneka kuti mpandowo unawakomera. Anadina. Nkhungu.

Asiyatu anapita pa kanema. Ndi chikhadabo anamatula seloteipi ya pansi pang'onopang'ono, n'kukweza khadi ngati munthu wosuzumira m'poto. Pansi pake panali kawindo, kakuda mofiirira.

"Dinaninso."

Nkhungu zinazimiririka. Galasi linada bii, pakona n'kuoneka zilembo ziwiri zobiriwira.

Mayi Habiba anayang'ana rimoti, anayang'ana kanema, anayang'ana khadi. Asiyatu anatsitsa khadi, kuzimitsa kanema, kumuyatsanso. "Dinani." Nkhungu zinakhalabe. Anakweza khadi. "Dinani." Zinachoka.

"Ndiye kuti chimene chapha kanema wathu ndi..."

"Amayi!"

Mayi Habiba anadzitseka pakamwa ndi dzanja, n'kuyang'ana pa zenera. Kunja kunali abakha okha.

Kenaka mayi Habiba ananong'ona. "Tangolichotsa."

"A tcheyamani analimata okha. Amadutsa kuno kawirikawiri. Akafunsa kuti walichotsa ndani?"

"Tiwauza zoona, kuti limatchinga."

"Tiwauze kuti khadi la Chipani limatseka maso?"

Mayi Habiba anaganiza za mphunzitsi wina wa ku Kanyenda amene ananena zochepa kuposa pamenepo, ndipo mkazi wake anali akudikirabe kalata. Anapukusa mutu.

"Ndiye ukhala wolakwa ndiwe, mwanangu. Ine ndaona, koma sindinganene. Ndipo amalume ako akufika mawa."

"Pali njira ina. Koma ine sindingalankhule ndi a tcheyamani. Pakufunika pakamwa panu."

"Pakamwa panga pali ndi chiyani?"

"Anthu amapaopa, amayi."

Mayi Habiba anafuna kukwiya, koma anaona kuti ndi chiyamiko. "Nena."

Asiyatu ananena. Mayi Habiba anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Nanga mabatire akalewo ngantchito yanji? Khadi likachoka, bambo ako adine, ziyake, tithane nazo."

"Zikayaka pomwepo, aliyense m'balaza muno aona kuti vuto linali khadi. Palibe anganene, koma onse adziwa, ndipo a tcheyamani adziwa kuti onse adziwa. Pakufunika zikanike kaye khadi litachoka. Mlandu ugwere wina."

"Ndani?"

"Mabatire."

"Amene bambo ako anakana kugula atsopano?" Nkhope ya mayi Habiba inawala. "Mwanangu, ku Liwaladzi mumadya chiyani?"

Anayesa kaye mabatire olumidwa aja, khadi litakwezedwa. Kuchokera pa mpando wa ndalema, palibe chinachitika. Pakati pa balaza, palibe. Koma Asiyatu atafika pafupi kwenikweni, rimoti itatsala pang'ono kugunda kawindo, nkhungu zinachoka.

"Asadzuke pa mpando," anatero Asiyatu.

"Zimenezo undisiyire."

Asanamatenso khadi, mayi Habiba anayang'ana tepi ija pamwamba pa kabati. Dzanja lawo linanyamuka, n'kubwerera. "Ayi. Ndikamuona lero, mawa nkhope yanga indiulula."

Loweruka a Fakiri anafika ndi basi ya m'mawa, atavala mkanjo woyera ndi nkhope ya munthu amene wakonzekera kupepesa zinthu zimene sakuzidziwa. Anapatsidwa tiyi ndi zitumbuwa. Nthawi iliyonse akati ayambe nkhani, mayi Habiba ankawawonjezera tiyi. A Sailesi anafika chakumasana, poti mayi Habiba anawatumizira mawu kuti kunyumba kuno kuli nkhani yokhudza ulemu wa Chipani. Anansi, amene anamva kuti kuli mlandu wa mpongozi komanso tcheyamani, anadzaza mikeka kuposa tsiku la karate. Asiyatu anakhala pansi pafupi ndi chitseko cha kuseri, mpango utaphimba mutu, maso pansi.

Mayi Habiba anagwada patsogolo pa a Sailesi, m'manja atanyamula fulemu yagalasi imene mpaka dzulo inali ndi setifiketi ya Bakari ya Sitandade 8.

"A tcheyamani, ine sabata yonse sindikupeza mtendere. Talakwa ife a m'nyumba muno."

A Abasi, amene sanauzidwe kalikonse, anatsokomola. "Amake Ibrahimu, talakwa chiyani?"

"Taonani pamene pali khadi. Inu a tcheyamani munalimata mwachangu poti ife, mwa umbuli wathu, sitinakupatseni malo oyenera. Tsopano lili pansi. Ana akakhala pa mkeka amaliloza ndi mapazi. Fumbi la tsache limafikapo. Dzana ndinapeza ntchentche itatera pankhope penipeni."

M'balaza monse munamveka kupuma kwa mantha. Ana awiri amene anali kutsogolo anapinda miyendo msanga.

A Sailesi anayang'ana khadi, n'kuyang'ana mapazi a anthu makumi anayi. Anaona kuti ngati nkhaniyi ingafike ku ofesi ya dera, funso loyamba likhala lakuti anamata pamenepo ndani.

"Mayi," anatero, "mukanakhala mwamuna, ndikanakusiyirani mpando wanga. Anthu ambiri amagula khadi, koma oganizira pamene khadi likugona ndi ochepa."

"Ife sitingalikhudze. Dzanja limene linamata ndi limene limatule."

A Sailesi anagwada, kumatula seloteipi mosamala, kuika khadi mu fulemu, n'kuimika fulemuyo pamwamba pa kanema, pakati penipeni. Anthu anawomba m'manja. Mayi wina analuluta. A Fakiri anawombanso, akuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati umenewu ndiwo mlandu.

"Tsopano, bambo a Ibrahimu," anatero mayi Habiba, akuyatsa kanema ndi deki, "alendo aone vuto limene latigwera. Dinani."

A Abasi anakweza dzanja monyinyirika, kudina. Nkhungu.

"Mwaona, a Fakiri?" anatero. "Chiyambire Lolemba." Anadinanso kawiri, katatu. Kenaka anagwira m'mbali mwa mpando, kuyamba kunyamuka. "Ngakhale nditayandikira chonchi..."

"Khalani pansi!" Mawu a mayi Habiba anagwedeza makapu. Anawafewetsa msanga. "Mudzuke pamaso pa alendo ngati munthu wopanda rimoti? Mutichititse manyazi kawiri?"

A Abasi anakhala.

"Tabweretsani ndione," anatero a Sailesi, akutambasula dzanja. Iwo anali chiimirire pafupi ndi kanema, phazi limodzi kuchokera pa kawindo. Koma rimoti, pochoka kwa a Abasi kupita kwa a Sailesi, inayenera kudutsa kwa mayi Habiba, ndipo kumeneko inaima.

"Mutenge ndi manja amene angogwira khadi? Chinthu chonyansa chonchi? Dikirani ndikuonetseni." Anatsegula kumbuyo, kugwedezera mabatire m'dzanja, n'kuwakweza kuti onse aone. Anali opindika, otuwa, odzaza mano. "A Fakiri, kwanu ku Liwaladzi izi mumazitcha chiyani?"

A Fakiri anasuzumira. "Kwathu timazitcha zotaya."

"Kuno timazitcha za ku Joni."

Anthu anaseka. A Abasi anati mabatirewo anali abwinobwino, ankangofuna dzuwa lokwanira, ndipo sabata ino kunali mitambo.

"Apongozi," anatero mayi Habiba osatembenuka, "aja munagulira tochi ya amuna anu muli nawo?"

Asiyatu anayenda chogwada, kumasula mfundo ya chitenje, kupereka mabatire awiri onyezimira. Mayi Habiba anawaika, kutseka, n'kubwezera rimoti kwa mwini wake pa mpando wa ndalema.

A Abasi anadina ngati munthu wofuna kutsimikiza kuti ena onse ngolakwa.

Nkhungu zinabalalika.

Phokoso limene linabuka linathamangitsa abakha pabwalo. Mayi Habiba anali atakankhira kale tepi mu deki. Chithunzi chinagwedezeka, n'kukhazikika: chipinda chachilendo, mpando wofiira, Ibrahimu atanenepa, ndi kamwana konenepa kuposa iye, kakuyamwa chala cha kuphazi.

"Makutu a bambo ako!" anakuwa mayi Habiba kwa kanemayo. "Ibrahimu, mutembenuze ndimuone bwino! Mutembenuze!" Ndipo Ibrahimu, ngati wamva, anamutembenuza.

A Sailesi okha sankaonera. Anali atakhala pa mpando wa alendo, akupinda kachidutswa ka seloteipi pakati pa zala, maso awo ali pansi pa chithunzi, pakona ya kumanja, pamene panali kawindo kakang'ono kopanda fumbi pakati pa zomata za seloteipi. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana rimoti m'dzanja la a Abasi, n'kutsata ndi maso mzere wochokera pa rimoti kukafika pa kawindoko. Pomaliza anatembenukira kuchitseko cha kuseri, kumene kunali Asiyatu.

Asiyatu anawerenga mizere ya mkeka.

"A Abasi," anatero a Sailesi mokweza, kuti onse amve, "mabatire ndi chinthu chofunika kwambiri pa chitukuko. Muzigula atsopano."

"Ndamva, a tcheyamani."

"Ndipo mpongozi wanuyu ndi wosamala. Mumusunge."

Tepi itatha anaibwezera poyamba, n'kuoneranso. Ulendo wachitatu uli pakati, a Fakiri anayang'ana wotchi yawo, n'kuweramira kwa mayi Habiba.

"Pepani, mayi, basi yomaliza ya ku Dwangwa imadutsa folo koloko. Mwina tiyambe nkhani imene mwandiitanira. Mwanayu ndimutenge lero, kapena akonze kaye katundu?"

"Mumutenge kupita naye kuti?"

"Uthenga unati..."

"Uthenga unati mubwere Loweruka. Mwabwera, mwaona mdzukulu wathu, mwamwa tiyi. Mukufunanso kutilanda mpongozi? A Fakiri, ku Liwaladzi mulibe manyazi?"

A Fakiri ananyamuka, n'kutsanzika. Zaka makumi atatu za unkhoswe zinali zitawaphunzitsa kuti mlandu ukafa wokha, suufunsa matenda.

Asiyatu anawaperekeza mpaka ku msewu. Ali pa siteji, amalume ake anamuyang'ana cham'mbali.

"Iwe, ndiuze zoona. Kunachitika chiyani m'nyumba muja?"

"Mabatire anatha, amalume."

"Basi?"

"Basi."

Basi inatulukira pa kona ikufuka utsi. A Fakiri anakwera okha.